Mmene ndinaoletsera mtedza wa eni

Kuno ku Chinsapo alipo anthu amene anaiwala dzina langa, amangonditchula kuti a Chuku. Sindiwakwiyira, chifukwa dzinalo ndinaligula ndekha, pa mtengo wa K45,000. Ndifotokoza mmene zinayendera, kuti wina amene akudwazika matenda pakhomo, n'kumafuna kapezedwe ka ndalama ya sopo osachoka pambali pa wodwala, asagule dzina longa langa.

Ndinali kondakitala wa minibasi. Chaka cha 2024, mvula itangotha, malume anga amene anandilera anagwa ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu n'kumatuluka ovuta kumva. Akazi awo anatisiya kalekale, ndipo mchemwali wanga ali ku Joni. Munthu wamwamuna wamkulu ngati iwo ankafunika mwamuna mnzawo wowasambitsa ndi kuwanyamula, choncho pamene achibale ankayang'anana pabwalo, maso onse anathera pa ine. Ndinatsanzika pa siteji.

Tsiku lotuluka m'chipatala namwino anandipatsa malamulo. Malume azitembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku, kuti asachite zilonda za pogona m'chiuno, m'matako ndi ku zidendene. Podya azikhala tsonga, phala likhale lolimbirako osati lamadzimadzi, supuni iziyenda pang'onopang'ono, ndipo akatha kudya akhalebe tsonga kwa theka la ola. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi asadumphe tsiku. Mkono ndi mwendo wakufawo ndiziwongola ndi kupinda kuti mfundo zisaume, koma ndisayerekeze kuwadzutsa powakoka ndi mkono umenewo, chifukwa phewa limatha kuguluka. Ine ndinkangoti "chabwino, chabwino", osazindikira kuti mayiyo akundiuza kuti tsiku langa laduka m'tizidutswa, ndipo palibe kachidutswa kofika maola awiri athunthu.

Popeza mawu sankamveka patali, ndinawaikira malume kapu yachitsulo ndi supuni pafupi ndi dzanja la kumanzere. Akagogoda, ndiye kuti ndikufunika. Poyamba ankagogoda akafuna kutembenuzidwa kapena kudzithandiza. Atazolowera, ankagogodanso wailesi ikasokonekera, ntchentche ikalowa, kapena akangofuna kudziwa ngati ndilipo.

Mchemwali ankatumiza kangachepe pafoni mwezi ukatha, koma kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zonse za m'sitolo zinali zitakwera. Matenda otere amadya sopo, makala owiritsira madzi, mafuta odzoza pakhungu, matewera a akulu, ndi ndalama ya galimoto tsiku lopita kukaonedwa. Mwezi usanafike pakati, m'thumba munkakhala mutauma. Ndinafunika ntchito yoti kapu ikalira ndiisiye pomwepo, ndikabwera ndiipeze mmene ndinaisiyira.

Nzeru yoyamba inali yokazinga mtedza n'kumagulitsa pakhonde. Ndinabwereka chiwaya, n'kusefa mchenga wa kumtsinje, chifukwa mtedza wokazinga mumchenga umapsa bwino mbali zonse. Moto umafunika wapakatikati, ndipo dzanja silichoka pa mthiko kwa mphindi makumi awiri kapena kuposerapo, kufikira khungu litayamba kusupuka ukalifikisa ndi zala, m'kati mwake mwasanduka mofiirira. Ine ndinadziuza kuti kapu ikalira ndingophula chiwaya, ndiye kuti ntchito yaima. Kapu inaliradi. Ndinaphula, n'kutsika nacho pansi, n'kuthamangira m'nyumba. Malume anali atadziipitsira, ndiye panali kuwapukuta, kusintha nsalu ndi kuwatembenuza. Potuluka ndinapeza utsi ukufuka m'chiwaya chimene chinali kutali ndi mbaula. Ndinaiwala kuti mchenga umasunga moto. Wapansi wonse unali makala, wapamwamba wauwisi. Ana a pamalopo, amene amadya chilichonse, analawa n'kulavula.

Umene ndinakazinga bwino masiku otsatira unabwera ndi vuto lina. Wogula sadziwa kuti m'nyumba muli wodwala. Amaodira pamene iwe wagwira beseni, ndipo uyenera kusamba m'manja ndi sopo usanakhudze chakudya cha anthu. Pofika pakhonde umapeza watopa wapita, kapena wadzitengera yekha n'kukuwa ali pamsewu kuti "mulembe, ndikupatsani mawa!" Mpamba wa K8,000 unathera mu utsi ndi mu mawa.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wa geni ya mtedza, amene amakapikula wosasenda ku Mchinji n'kudzagulitsa mumsika. Anandipeza ndikukwecha chiwaya chakuda chija.

"Achimwene, moto ndi matenda siziyendera limodzi. Bwanji muzindisendera mtedza? Umenewo suthawa."

Makina osendera alipo, ndipo amathamanga, koma amaswa njere zambiri. Ofuna mbewu ndi okazinga amakonda mtedza wosenda pamanja chifukwa umatuluka wathunthu, khungu lake losasupuka, ndipo umagulidwa pa mtengo wabwinoko. N'chifukwa chake ganyu ameneyu sanathe. Tinapangana K1,000 pa ndowa ya malita 20 ya mtedza wosasenda. Mayiyo anandiuziratu kawerengedwe kake: ndowa zitatu ndi kachidutswa za wamakoko zimatulutsa ndowa imodzi ya wosenda, choncho ndikachulutsa kutafuna adziwa. Anandiuzanso kuti ndisasakanize mitundu. Chalimbana, wa njere zikuluzikulu zotuwirako, akhale payekha, ndipo CG7 wofiira uja akhale payekha. Njere zonyala, zoboola, zosweka ndi zosintha mtundu ndiziika m'kambale kapadera.

Ntchito imeneyi inalidi yonga inapangidwira munthu wodwazika matenda. Ndinkakhala pa mkeka pakhomo la chipinda, lichero pamiyendo, thumba kumanzere, makoko kumanja. Kapu ikalira, ndinkangotula lichero, n'kuvindikira ndi nsalu kuopa nkhuku, n'kupita. Ndikamaliza za malume ndinkasamba m'manja ndi sopo, n'kupukuta mpaka kuuma, n'kudzapitiriza pa khoko lomwe ndinasiyira. Palibe chinkapsa, palibe ankadikira. Munthu wosasokonezedwa angamalize ndowa m'maola atatu kapena anayi, koma kwa ine inkatenga tsiku, ndipo tsiku labwino ndinkafika ndowa ndi theka. Pa mlungu ndinkapeza pakati pa K7,000 ndi K9,000. Si ndalama yomangira nyumba, koma sopo ndi makala zinasiya kusowa. Makoko nawo ndinkasonkhezera moto wa madzi osamba. Ngakhale malume anayamba kuthandiza: ndinkawaikira kambale pachifuwa kuti azitola njere zoipa ndi dzanja lawo labwino. Ankagwira ntchitoyo mwaukali wa kapitawo, ndipo akapeza njere yoola yomwe ndinaidumpha ankandionetsa m'mwamba.

Ndikanakhala munthu wokhutira, nkhani ikanathera apa. Koma mtedza wouma bwino uli ndi makoko olimba, ndipo umasupula zala. Chala changa chachikulu chinang'ambika, cholozera chinachita thuza. Komanso ndinkawerengera mumtima kuti ndikamamaliza ndowa zitatu pa tsiku, pa mlungu ndifika K21,000. Mnzanga wina wa ku siteji atabwera kudzazonda matenda anandiseka.

"Aise, ukuzunzikiranji? Kumudzi kwathu timangowaza madzi. Makoko amafewa, umangotsina basi."

Ndinayesa pa theka la ndowa m'mawa wina. Zinathekadi. Makoko ankangotseguka, zala sizinapweteke, ndipo ndinamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Njerezo ndinaziyanika pang'ono, mayi uja anabwera kudzatenga osanena kanthu. Ndinadziona ngati ndatulukira nzeru imene anthu onse a m'Chinsapo anaiphonya. Sindinamufunse mwini mtedza, chifukwa penapake mumtima ndinkadziwa yankho lake.

Apa mpamene ndinayambanso kulakwira wodwala, ndipo ichi chimandipweteka kuposa ndalama. Kudyetsa munthu wa sitiroko kumatenga nthawi. Supuni iliyonse umadikira kuti ameze, n'kuona ngati chakudya sichinatsalire m'tsaya la mbali yakufayo. Ine, maso ali pa lichero, ndinayamba kusungunula phala kuti lizitsika msanga. Ndinasiya kuwakhazika tsonga bwinobwino, ndinkangowatsamiritsa pilo, ndipo akangomaliza ndinkawagoneka. Ankatsokomola podya, mawu n'kumamveka ngati muli madzi kukhosi, ine n'kumati ndi chifuwa cha nyengo. Ntchito imene ndinaisankha kuti izidikira malume, tsopano malume ndi amene ankaidikira.

Kumapeto kwa Ogasiti, kutentha kutayamba, mayi uja anandibweretsera ndowa zisanu ndi imodzi za Chalimbana wabwino, woti wina anaitanitsa. Madzulo ndinathira zonse m'matumba awiri, n'kuwaza madzi mowolowa manja, n'kumanga kukamwa kuti chinyontho chilowerere usiku wonse. Pofuna kuti zifewe kwambiri ndinafunditsanso pepala la pulasitiki, n'kuika pakona ya chipinda changa. Ndinagona ndikuwerenga K6,000 ya masiku awiri okha. Akuluakulu anati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, ine ndinaviika mtedza wa eni.

Pakati pa usiku kapu sinalire, ndinadzuka ndi phokoso la kupuma. Malume thupi linali moto, mpweya ukutuluka mothamanga, maso osandizindikira bwino. Tinapeza galimoto ya mnansi n'kuthamangira kuchipatala. Anati ndi chibayo, ndipo dokotala anandifunsa modekha kuti ndimawadyetsa bwanji. Anandifotokozera kuti sitiroko imafooketsa minofu yomezera, ndiye zamadzimadzi zimalowera njira ya mpweya mosavuta n'kukafika m'mapapo, kumene zimayambitsa matenda. Kutsokomola podya ndi mawu a madzi kukhosi zinali zizindikiro zimenezo. Ndinayang'ana pansi. Anawagoneka, ine n'kukhala gadiyani, kugona pa chitenje pansi pa bedi, kuchapa ndi kuphika kumalo a odikira odwala. Tinakhalako kuposa mlungu. Za matumba aja sindinakumbukire ngakhale kamodzi.

Malume atapeza bwino tinabwerera. Nditangotsegula chitseko, fungo la chinyontho chovunda linandilandira. Ndinachotsa pulasitiki, n'kupeza matumba ali ofunda ukawakhudza. M'kati makoko anali atagwirana ndi ulusi woyera, ena akuda, ena ali ndi ufa wobiriwira mopita kuchikasu. Nditaswa, njere zina zinali zofewa ndi zamawanga, zina zitayamba kumera, koma zambiri zinkaoneka zabwinobwino. Zooneka bwinozo ndi zimene zinandipatsa nzeru yachitatu, yoipa kuposa ziwiri zoyamba.

Ndinaganiza kuti ndisende msangamsanga, ndiyanike, nditole zooneka bwino ndimupatse mwini wake, ndimuuze kuti mtedza wake unali wopanda njere zambiri. Zotsalazo ndikazinge kuti moto uphe chuku, ndisinje nsinjiro zothira m'phala la malume, amene anawonda kuchipatala ndipo ankafunika chakudya chopatsa mphamvu. Ndinayala mkeka kuseri kwa nyumba, kumene sikudutsa anthu. Koma tsiku lomwelo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, atamva kuti tatuluka, anabwera kudzaona wodwala. Atandisowa kumaso anazungulira kuseri. Anatola njere, n'kununkhiza, n'kundiyang'ana.

"Uwu mukufuna kutani nawo, bambo?"

"Wabwinowu ngwa eni ake. Winawu ndikazinga, ndisinjire malume."

"Ndiye mwawachotsa kuchipatala kuti mudzawamalizire kunyumba?"

Anakhala pa njerwa n'kundiphunzitsa. Chuku cha mtedza, makamaka chobiriwira chija, chimapanga poizoni wotchedwa afulatokisini. Chimakonda malo ofunda ndi achinyontho osapita mphepo, ndendende zimene ndinachikonzera ndi madzi, matumba omanga ndi pulasitiki. Poizoniyo saoneka, sanunkha, ndipo njere yooneka yoyera yochokera m'thumba loola ikhoza kukhala naye. Dzuwa limaumitsa chuku koma poizoni amatsala. Kukazinga ndi kuphika sikumuthetsa. Amawononga chiwindi: wambiri nthawi imodzi amadwalitsa mpaka kupha, ndipo wapang'onopang'ono kwa zaka amayambitsa khansa ya chiwindi, amafooketsa chitetezo cha m'thupi, komanso amathandizira kupinimbira kwa ana. Anawonjeza kuti ndi vuto lomweli limene limachititsa kuti mtedza wathu uzikanidwa m'misika ya ku Ulaya, ndipo n'chifukwa chake alangizi a zaulimi amaletsa kuwaza madzi posenda. Mtedza wouma bwino umalira m'khoko ukaugwedeza, ndipo njere imathyoka ukailuma m'malo mofinyika. Ndi mmene uyenera kukhalira kuyambira pokolola mpaka pofika mumphika.

"Ndiye ndipatse nkhuku?" ndinafunsa, pofuna kupulumutsako kena kake.

Anati ayi, nkhuku nazo zimadwala ndi kufa nazo, ndipo zikapulumuka anthu omwewo ndi amene adzazidye. Ndikumbe dzenje lakuya, nditaye wonse, ndikwirire. Matumbawo ndisaikemonso chakudya. Ndinakumba. Ana aja anaima mozungulira, ndipo mmodzi anathamanga kukalengeza mumsewu kuti a kondakitala akuika maliro a mtedza. Umo ndi mmene mwini wake anamvera ndisanamuuze.

Anabwera madzulo, n'kuyamba walowa kaye m'nyumba kukalonjera malume. Kenako anandiitanira panja. Ndinakonzeka kunama kuti denga linadontha, koma mu Seputembala bodza la mvula silikhala ndi poyambira. Ndinaulula zonse.

"Achimwene, mukanandiimbira muli kuchipatala ndikanabwera kudzayanika ndekha. Ndipo theka la ndowa lija munaliwaza madzi ndinalidziwa, linkalemera ndiponso khungu linali lokwinyika. Ndinangoti mwina simubwereza."

Anawerengera pamaso panga. Ndowa zisanu ndi imodzi zikanatulutsa pafupifupi ndowa ziwiri za wosenda, ndipo pa mtengo umene anapangana ndi wogula, zinali K45,000. Kuti ndibweze ndi ganyu, ndinayenera kusenda ndowa 45 zaulere, kutanthauza mwezi ndi theka popanda sopo m'nyumba. Mayiyo anachita chifundo chimene sindinachiyenere. Anati azindipatsa K500 pa ndowa, K500 inayo izilowa ku ngongole. Choncho pofuna kupulumutsa zala pa ndowa zisanu ndi imodzi, ndinadzipezera ndowa 90 za theka la malipiro, zonse zouma gwa. Malume atamva nkhaniyi anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa mpaka misozi, kuseka koyamba chigwereni.

M'miyezi yobweza ngongoleyo ndinali ndi nthawi yokwanira yoganiza. Ndinaona kuti ndinkafunsa funso lolakwika. Ndinkadzifunsa ngati ntchito ndingaisiye kwa mphindi khumi, pamene matenda satenga mphindi khumi zokha. Nthawi zina amakutenga usiku, osakupatsa mpata wotseka zenera, n'kukubweza patatha mlungu. Funso loyenera n'lakuti: ndikachoka pano tsopano lino, n'kubwera mlungu wamawa, ndidzapeza chiyani? Mtedza wouma udzaupeza uli mtedza, bola wauteteza ku makoswe. Chimodzimodzi nyemba zosankha, chimanga chotonola, makala omanga m'timapaketi, chipewa choluka, kapena malaya osokerera mabatani. Koma chilichonse chimene chili ndi moto, madzi, kapena munthu woima pakhomo chimapitiriza kuyenda iwe kulibe. Mandasi amafufuma n'kusasa, thobwa limawawa, zovala za eni zoviika zimanunkha ndi kuthimbirira, wogula amakwiya. Kusenda mtedza kunali kopanda zitatu zonsezi, mpaka ine nditathiramo madzi ndi dzanja langa.

Pali zina zimene ndimachita tsopano. Sinditenga katundu wa eni woposa amene ndingathe kulipira atawonongeka, choncho ndimalandira ndowa ziwiri pa nthawi. Ndimamuuziratu mwini katundu kuti tsiku lomaliza sindingalonjeze, ndipo ganyu wa "afunika mawa m'mawa" ndimakana ngakhale malipiro ake akome. Nambala ya mayi uja ndinapatsa anansi, ndi kiyi wapadera, kuti tikathamangira kuchipatala adzatenge katundu wake. Pa zala ndimakulunga kansalu, ndipo khoko ndimalitsina pamsoko wa kumlomo kwake, pamene limatseguka mosavuta. Nthawi ya chakudya lichero ndimalitulutsa m'chipinda kuti maso asamapiteko, phala ndi lolimba, malume amakhala tsonga, ndipo theka la ola lija limakwana.

Ngongole ndinamaliza mvula itayamba. Malume tsopano amakhala pampando okha ndipo chibayo sichinabwererenso. Ndalama ya ganyu wotere ndi yochepa, ndipo kuchepako ndiwo mtengo wa ufulu wotula lichero nthawi iliyonse. Amene akufuna kuti ichuluke poifulumizitsa adziwe kuti chotsalira chidzalipidwa ndi katundu wa eni kapena ndi wodwala, ndipo kwa ine analipira onse awiri.